Mmene mungakonzere imelo ya nesi yopempha kusintha naiti, galamala yokha basi

Mnzanu wa mu wodi wakutumizirani pa WhatsApp imelo imene akufuna kupereka kwa a incharji, akuti "tandikonzereni galamala yokha, ndikufuna ndisinthe naiti". Apa ndi pamene ambiri timalephera. Ena amangowerenga mothamanga n'kunena kuti ili bwinobwino pamene mkatimo muli lembo limodzi loti likusintha munthu wogwira usiku umenewo, ena nde amayilembanso yonse mwatsopano mpaka mwini wake osayizindikira, awonjezera zifukwa zimene iye sananene, achotsa mawu ake, mapeto ake a incharji akuyankha pempho la munthu wina. Ntchito imene mwapatsidwa ndi yaing'ono, kukonza chiyankhulo osakhudza nkhani, koma imafuna maso chifukwa mu Chichewa munthu wochita ndi womuchitira onse amakhala mkati mwa mneni mmodzi yemweyo.

Titsata imelo imodzi ya nesi wa mu wodi ya amayi kuno ku Kasungu. Mayina ndabisa, paliponse pali dzina ndalemba Uje.

## Zofunika kukhala nazo musanayambe

- Imelo yoyambayo, mmene mwini wake anayilembera, osayikhudza
- Malo ena olembapo, kaya ndi Notes ya mu foni, Word kapena pepala ndi bolopeni
- Kalendala ya mwezi umenewo
- Rosita ya mu wodi, olo chithunzi chake chabe
- Mwini imeloyo akhale pafupi kapena pa foni, chifukwa mafunso awiri atatu simulephera kukhala nawo

Ngati muli pa kompyuta ndipo mukugwiritsa Word, yatsani Track Changes, imaonetsa chilichonse chimene mwasintha. Pa foni zimitsani kaye chokonza mawu chokha chija, kiyibodi yambiri imadziwa Chingerezi chokha ndiye ikaona mawu a Chichewa imawasandutsa zinthu zachilendo inu osaona.

## Imelo imene tikukonza

> Subject: pempho
>
> Okondedwa a Incharji,
>
> Ndikulemba kupempha kuti undilole kusintha naiti langa la Lachisanu pa 14 Marichi. mwana wanga adwala ndiye ndikufuna ndimutengele kuchipatala cha ku lilongwe ndabwera mochedwa. Ndidalankhula ndi a Sisita Uje ndipo avomera kuti ndiwagwirire naiti ya pa 14, ine ndizawagwirira ya lolemba pa 18 Marichi. Ndisananyamuke ndizasiya handova wabwino. Pepani chifukwa cha vuto imeneyi. Zikomo
>
> Ine Uje
> Wodi ya amayi

Ikumveka ndithu, munthu woti amadziwa nkhaniyo kale atha kungoti chabwino. Koma a incharji amawerenga ali ndi rosita m'manja, amafuna kudziwa chinthu chimodzi, usiku uno ndilembepo ndani. Imeloyi mmene ilili siyikuyankha bwino funso limeneli.

## 1. Koperani kaye, yoyambayo isiyeni

Koperani imelo yonse muyike pamalo ena, muzikonzera pamenepo. Yoyambayo mudzayifuna kumapeto poyerekeza.

Chenjezo: musakonzere mkati mwa Gmail muli kale adiresi ya a incharji pa To. Chala chikaterereka pa Send yapita ili theka, ndipo Undo imangoonekera kwa masekondi ochepa chabe.

## 2. Lembani pambali zinthu zosakhudza

Musanasinthe olo lembo limodzi, werengani imelo yonse n'kulemba pambali mfundo zimene mwini wake wanena. Pa imelo yathuyi ndi izi: naiti yofuna kusinthidwa ndi ya Lachisanu pa 14 Marichi, chifukwa chake ndi mwana wodwala amene akupita naye ku Lilongwe, wosinthana naye ndi a Sisita Uje ndipo avomera, naiti yobwezera ndi ya Lolemba pa 18 Marichi, ndipo walonjeza handova.

Zimenezi si zanu. Madeti, mayina, chifukwa, lonjezo, zonse zituluke mmene zinalowera. Mukaona kuti pena pakukayikitsa mumafunsa, simukonza. Muona pa sitepe 6 kuti pa mndandanda umenewu pali kale kena kolakwika, koma tikafika.

## 3. Yambani ndi aneni, ndani akugwirira ndani

Apa ndiye pamtima pa ntchito yonse, khalanipo nthawi.

Tengani chiganizo chachitatu. Chikuti "avomera kuti ndiwagwirire naiti ya pa 14, ine ndizawagwirira ya lolemba". Muphwanye mneni woyambayo: ndi-wa-gwir-ir-e. Kachidutswa koyamba, ndi-, ndi munthu wochita ntchitoyo, ndiye kuti ine wolembayo. Kachiwiri, -wa-, ndi womuchitira, a Sisita Uje. Ndiye "ndiwagwirire naiti ya pa 14" akutanthauza kuti wolembayo ndi amene akhale mu wodi usiku wa pa 14, usiku womwewo umene akupempha kuti amasulidwe! Kenako mneni wachiwiri akutinso ndi-dza-wa-gwirira, ineyo ndigwiranso ya Lolemba. Mwachidule mmene yalembedwera, nesiyu wadzipereka kugwira manaiti onse awiri ndipo a Sisita Uje sakugwira olo imodzi.

Chimene amafuna kunena ndi "avomera kuti andigwirire naiti ya pa 14". A-ndi-gwirire, iwo ndi ochita, ine ndine wochitiridwa. Tizidutswa tiwiri tangosinthana malo, koma pa rosita ndi dzina lina lolembedwa.

Kodi uku ndi kukonza galamala kapena kusintha nkhani? Ine ndimati ndi galamala, chifukwa umboni uli mu imelo momwemo, chiganizo choyamba chanena kale kuti naiti ya pa 14 ndi yake ndipo akufuna kuyisiya. Komabe chifukwa choti kukonzaku kukusuntha munthu pa rosita, mufunseni mwini wake musanapitirire, funso lake lachidule: "pa 14 akugona mu wodi ndani, inu kapena a Sisita?" Akayankha, konzani.

Njira yosavuta yoyesera aneni otere ndi kulemba deti lililonse palokha n'kuyika munthu kutsogolo kwake malinga ndi mmene chiganizo chikunenera, osati mmene inu mukuganizira. Pa 14: ine. Lolemba: ine. Mukaona munthu mmodzi watuluka kawiri pa nkhani yosinthana, dziwani kuti kachidutswa kena kakhala pa malo olakwika.

Chenjezo: musachotse -ir- poganiza kuti mukufupikitsa. "Andigwirire naiti" ndi kugwira m'malo mwanga, "agwire naiti" ndi kungogwira basi, sizikunena kuti naitiyo inali ya ndani. Ndipo mukalakwitsa n'kulemba "andigwire" nde mwanena zina zoti anthu aseke mu dyuti rumu.

## 4. Onani nthawi ya mneni aliyense

Mukathana ndi za ndani, funsani za liti. Mneni aliyense mumufunse kuti zachitika kale, zikuchitika, kapena zidzachitika?

"Mwana wanga adwala." Kwa mwana mmodzi, chinthu chikachitika kale ndipo chikadalipo timati wadwala. "Adwala" timanenera anthu ambiri kapena munthu wamkulu mwaulemu, monga "amayi adwala", apo ayi imamveka ngati mukulosera kuti mwanayo adwala posachedwa. Ndiye pakhale "Mwana wanga wadwala". Mwina inu mukanakonda "akudwala", nayonso ndi yolondola, koma sankhani kukonza kochepetsetsa. Lembo limodzi likukwanira, musasinthe mawu onse.

"Ndabwera mochedwa." Uyu ndi woopsa kuposa mmene akuonekera. Ndabwera ndi zochitika kale, a incharji powerenga mofulumira atha kumva ngati nesiyu akupepesa kuti wachedwa pa dyuti, pamene iye akufotokoza kuti tsiku la ulendolo, Lachisanu, adzafika mochedwa kuchokera ku Lilongwe. Ndipo ndi zomveka, kuchoka pa Kasungu boma kukafika ku Lilongwe ndi makilomita oposa 120 pa msewu wa M1, kuphatikiza kudikira minibasi kuti idzaze ndi mzere wa kuchipatala, munthu sangalonjeze kuti afika nthawi ya handova ya madzulo. Mneniyo akhale "ndidzabwera". Komanso pamenepa ziganizo ziwiri zangogundana popanda cholumikiza, ikanipo mpatuliro ndi "ndipo".

"Ndizawagwirira" ndi "ndizasiya". Polankhula ambiri timameza d, timati ndizapita, ndizabwera, ndipo pa WhatsApp palibe amene amadandaula. Polembera abwana bwezerani -dza-: ndidzawagwirira, ndidzasiya.

Tsopano pali "Ndidalankhula". Apa manja anu akhale m'thumba. Kuno ku Kasungu, ku Mchinji ndi madera ambiri a chigawo chapakati -da- ndi wa tsiku ndi tsiku, ndidapita, tidagwirizana, ndipo m'mabuku a Chichewa alimo. Amene anakulira ku Blantyre amathamangira kusintha kuti "Ndinalankhula" poganiza kuti akukonza, pamene angochotsa chilankhulo cha kwawo kwa munthu. Zonse ziwiri ndi zolondola. Chokhacho choyang'ana ndi chakuti ngati imelo ili ndi aneni angapo a nthawi yakale, asamadumphedumphe, uyu -da- uyu -na-, popanda chifukwa.

"Avomera" alinso bwino, akunena a Sisita mwaulemu ndipo kuvomerako kukadali ndi mphamvu lero. Musamusandutse "adzavomera" kapena "angavomere", chifukwa pamenepo mwachotsa chinthu chimene a incharji amafuna kumva kwambiri, chakuti wolowa m'malo wapezeka kale.

## 5. Ulemu ndi agwirizanitsi

"Undilole." Imelo yayamba ndi "a Incharji", ndiye mneni wolozera iwo akuyenera kukhala wa ulemu, "mundilole". Olo atakhala kuti nesiyu ndi a incharji anali kalasi imodzi ku koleji ndipo kunja amaitanana iwe, pa imelo imene itha kutumizidwanso kwa a metroni pakhale mu-. Uku si kusintha kamvekedwe ka munthu ayi, ndi kugwirizanitsa mneni ndi "a" amene mwini wake analemba yekha.

Kenako yendani dzina ndi dzina, muone ngati timawu totsatira tikugwirizana nalo.

"Naiti langa la Lachisanu." Mwina maganizo anali pa "tsiku langa la", nde dzanja linatsata tsikulo. Naiti imayenda ngati foni kapena nyumba, naiti yanga ya. Umboni uliponso mu imelo momwemo, kutsogoloko walemba yekha "naiti ya pa 14".

"Handova wabwino" akhale "handova yabwino". Mawu obwerekawa nthawi zina amavuta, mwamvapo ena akuti galimoto langa ena galimoto yanga, onse osalakwa. Mukakayika mverani mmene anthu a mu wodimo amanenera, ndipo chimene mwasankhacho chikhale chomwecho imelo yonse.

"Vuto imeneyi" ndi "vuto limeneli". Vuto ndi la gulu la Li-Ma lija la ku pulayimale, vuto ili, mavuto awa. Kawirikawiri cholakwika chotere chimabwera munthu akayamba walemba "nkhani imeneyi" kenako n'kusintha dzina lokha kuyiwala mnzake.

Nanga "Okondedwa a Incharji"? Siyani. Ena angakonde "Kwa a Incharji" kapena "Mayi Incharji", ena akanalemba a Naphiri kapena a Nabanda monga timalemekezerana kuno, koma kasankhidwe ka moni si galamala.

Chenjezo: pali chiyeso chosintha "kusintha naiti" kuti akhale "kusinthana naiti". Kusinthana kumafuna kuti munene wosinthana naye pompo, ndiye muyamba kusuntha a Sisita Uje kuchoka chiganizo chachitatu kubwera choyamba, posakhalitsa mwamanganso imelo yonse. "Kusintha naiti yanga" si kolakwika, ndipo za kusinthanazo zafotokozedwa kale pansipo.

## 6. Yerekezani madeti ndi kalendala, koma musakonze

Tsegulani kalendala. Ngati pa 14 Marichi ndi Lachisanu, ndiye kuti 15 ndi Loweruka, 16 Lamulungu, 17 Lolemba. Pa 18 ndi Lachiwiri. Imelo ikuti "lolemba pa 18 Marichi", zinthu ziwiri zoti sizingakhale zoona nthawi imodzi.

Apa ambiri amati aaa ndaona, n'kungosintha 18 kukhala 17. Mwadziwa bwanji kuti cholakwika ndi nambala osati tsiku? Mwina a Sisita Uje ali pa naiti ya Lachiwiri pa 18 ndipo mnzanuyo anangosokoneza dzina la tsiku. Komanso naiti imadutsa pakati pa usiku, imayamba madzulo a tsiku lina n'kuthera m'mawa wa tsiku linzake, ndiye naiti ya Lolemba pa 17 imathera m'mawa wa pa 18, mwina iye amaganiza za tsiku lotuluka. Galamala singakuuzeni kuti zoona ndi ziti. Rosita itha kukupatsani chithunzi, koma woyankha ndi mwini imelo, ndipo ngati nayenso sakutsimikiza aimbire a Sisita Uje.

Inu chimene mungakonze pa mawu amenewa ndi lembo lalikulu lokha, "Lolemba". Detilo lisiyeni mmene lilili, muyike chizindikiro choonekera, nyenyezi ziwiri kapena mtundu wachikasu, n'kumutumizira funso. Pa chitsanzo chathu tinene kuti wayang'ana rosita n'kuyankha kuti ndi Lolemba pa 17. Tsopano mutha kulemba 17, chifukwa wasintha ndi iye.

Kusiyana kwa apa ndi pa sitepe 3 ndi kotere. Pa "ndiwagwirire" imeloyo inali ndi yankho mkati mwake, mumangotsimikiza. Pa deti mulibe yankho, pali njira ziwiri zofanana mphamvu, ndipo mukasankha yolakwika usiku wina wodi ikhala ndi nesi wochepa pamene usiku wina abwera awiri pa malo amodzi.

## 7. Malembo ndi zizindikiro

Izi ndi zachangu. Chiyambi cha chiganizo, mayina a malo, masiku ndi miyezi zitenge lembo lalikulu: Mwana, Lilongwe, Lolemba. "Ndimutengele" akhale "ndimutengere", lamulo lake ndi loti mkati mwa mawu pambuyo pa e ndi i timalemba r, pambuyo pa a, o ndi u timalemba l, ndi chifukwa chake pali kutengera koma kudwala, kugwira koma kulola. Musalipititse patali lamuloli mpaka kusintha l woyambira tsinde la mneni, "mundilole" amakhala ndi l wakeyo olo akubwera pambuyo pa i, chifukwa mneni wake ndi lola.

"Kuchipatala" amalembedwa pamodzi, "ku Lilongwe" motalikirana chifukwa ndi dzina la malo. Pambuyo pa "Zikomo" payikidwe mpumiro, pambuyo pa "Ine" mpatuliro. Pa Subject, "pempho" angotenga P wamkulu.

Za ŵ wa kadenga uja musavutike nazo, makiyibodi ambiri a foni samuonetsa msanga ndipo a incharji sakana pempho chifukwa cha iye.

## 8. Yerekezani ziwirizo, kenako bwezani ndi mndandanda

Nayi imelo itakonzedwa:

> Subject: Pempho
>
> Okondedwa a Incharji,
>
> Ndikulemba kupempha kuti mundilole kusintha naiti yanga ya Lachisanu pa 14 Marichi. Mwana wanga wadwala ndiye ndikufuna ndimutengere kuchipatala cha ku Lilongwe, ndipo ndidzabwera mochedwa. Ndidalankhula ndi a Sisita Uje ndipo avomera kuti andigwirire naiti ya pa 14, ine ndidzawagwirira ya Lolemba pa 17 Marichi. Ndisananyamuke ndidzasiya handova yabwino. Pepani chifukwa cha vuto limeneli. Zikomo.
>
> Ine, Uje
> Wodi ya amayi

Iyikeni pafupi ndi yoyamba ija. Utali wake ukhale pafupifupi womwewo, ziganizo zitsatane mmene zinalili, ndipo mawu atsopano amene talowetsa ndi amodzi okha, "ndipo" uja wolumikiza. Mukaona kuti yanu yatalika ndi mizere iwiri itatu, mwadutsa malire penapake, bwererani mukapeze pamene munayamba kulemba zanu. Onaninso mndandanda wa pa sitepe 2, mfundo iliyonse ikhalepo, ndipo yosintha ikhale yokhayo imene mwini wake wavomereza.

Werengani mokweza kamodzi. Khutu limagwira "naiti langa" msanga kuposa diso.

Pobweza musangotumiza imelo yokonzedwa yokha. Lembani pansi pake zimene mwasintha, makamaka zitatu zokhudza tanthauzo, "andigwirire", "ndidzabwera" ndi deti, kuti aziwerenge ndi maso ake asanadine Send. Dzina limene lili pansi pa imelo ndi lake, akafunsidwa mu ofesi ayankha ndi iye.

Ngati muli ndi malangizo ena oposa galamala, apa ndi pamene mumawanena, pambali, osati mkati mwa imelo. Mwachitsanzo Subject yoti "Pempho" ndi yofooka, a incharji akadzayifuna pakatha milungu iwiri sadzayipeza msanga, mutha kumuuza kuti bwanji alembe "Pempho losintha naiti ya pa 14 Marichi". Muthanso kumufunsa ngati akufuna kuyika a Sisita Uje pa Cc kuti kuvomera kwawo kukhale ndi umboni. Mwinanso mwaona pa rosita kuti akagwira naiti ya pa 17 ndiye kuti m'mawa wa pa 18 ali pa dyuti ya masana, atuluka naiti n'kulowanso osagona, kapena kuti iye ndi rejisitadi pamene wosinthana nayeyo ndi tekinishani ndipo usiku wa pa 14 wodi itsala yopanda rejisitadi. Zimenezi ndi zimene a incharji amayang'ana asanavomere, ndiye kumuchenjeza mnzanu ndi chifundo, koma asankhe yekha chochita nazo.

## Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Kukometsa chifukwa. Mwini wake analemba "wadwala", wokonza akulemba "wadwala kwambiri" kapena akutchula matenda amene anamva pocheza, ati kuti a incharji amve chisoni. Mawu amodziwo "kwambiri" ndi umboni umene nesiyo sanapereke, ndipo matenda a mwana wake ndi iye woyenera kusankha kuwatchula kapena ayi. Imelo imayenda, lero ili kwa a incharji mawa kwa a metroni.

Kusandutsa pempho kukhala chidziwitso. "Ndikulemba kupempha kuti mundilole" ndi pempho. Wina pofuna kufupikitsa amalemba "Ndikukudziwitsani kuti ndasintha naiti yanga", galamala yake ili bwino koma tsopano nesi akuuza abwana ake kuti wasintha rosita yekha. Kugwirizana kwa manesi awiri sikusintha rosita mpaka a incharji atavomera, ndiye mneni wopemphayo asachoke.

Kuwonjezera ulemu wosapemphedwa. "Modzichepetsa kwambiri", "Ambuye akudalitseni", "ine wanu wokhulupirika", zonsezi ndi zabwino kwa amene amalemba choncho, koma mnzanuyo sanalembe. A incharji amamudziwa kalankhulidwe kake, akaona imelo yodzaza ndi mawu a m'kalata za ku sukulu amadziwa kuti walemberedwa.

Kuchotsa mawu a pa ntchito. Naiti, handova, wodi, incharji ndi mawu amene aliyense m'chipatala amamva kamodzi. Mukasintha "naiti" kukhala "ntchito ya usiku" simunalakwe Chichewa, koma simunakonzenso kanthu, ndipo "handova" mukayesa kuyimasulira mutha ndi mzere wathunthu umene a incharji awerenge kawiri.

Kulemba "anzanga" m'malo mwa dzina. Ena amaona ngati kutchula a Sisita Uje ndi kuwayika pa moto, nde amalemba "anzanga avomera". Anzanga atha kukhala munthu mmodzi womulemekeza kapena anthu atatu, ndipo pa rosita sipalembedwa anzanga.

Kukonza theka la mgwirizano. Mwasintha "langa" kukhala "yanga" koma "la Lachisanu" mwamusiya, mwakonza "ndizasiya" koma "ndizawagwirira" wadutsa. Mukapeza cholakwika chimodzi, fufuzani abale ake imelo yonse, munthu akameza d pamodzi amameza paliponse.

Kuchedwa nayo. Pempho la naiti ya Lachisanu likafika Lachinayi usiku chifukwa wokonza amasinkhasinkha za mpatuliro, a incharji alibe nthawi yoyang'ana rosita n'kuyankha. Imelo ya mizere isanu ngati iyi ndi ya mphindi zochepa, mukaona kuti simupeza mpata lero muuzeni mnzanuyo atumize atangokonza aneni ndi deti, zotsalazo a incharji amva.